Kabodi Kopima Cinyezi: Mmene Tulo Tofa Nato Timafikitsira Batiri Imodzi pa Miyezi Yambiri

Kabodi ka magetsi kamene kamapima cinyezi ca m'nthaka ndi kutumiza zotsatira zake pa waifai kakhoza kumaliza batiri yodzaza m'tsiku limodzi lokha. Kabodi komweko, pa batiri yomweyo, kakhoza kugwira nchito kupitirira caka cathunthu ngati kakonzedwa kuti kazigona tulo tofa nato pakati pa kupima kumodzi ndi kunzake. Kusiyana kwakukulu kumeneku kumacokera pa zinthu ziwiri: kuculuka kwa magetsi amene kabodiko kamadya kali m'tulo, ndi kutalika kwa nthawi imene kamakhala maso.

Citsanzo codziwika bwino pa nkhani imeneyi ndi kachipu kochedwa ESP32, kamene kampani ya Espressif Systems ya mu mzinda wa Shanghai ku China inayamba kugulitsa m'caka ca 2016. Kachipu kameneka kamapezeka pa mabodi ambiri ochipa amene ana a sukulu ndi amisiri a zamagetsi amagula, ndipo kali ndi waifai mkati mwake.

Kuwerenga batiri monga ndowa ya madzi

Kukula kwa batiri kumalembedwa pa thupi lake ndi zilembo zakuti mAh. Batiri ya 2000 mAh imatha kupereka mamiliampu 2000 kwa ola limodzi, kapena mamiliampu 20 kwa maola 100, kapena miliampu imodzi kwa maola 2000. Miliampu ndi muyeso wa magetsi amene akuyenda m'waya pa nthawiyo, ndipo pa mita imalembedwa mA. Palinso muyeso wocepa kwambiri wochedwa maikroampu, umene umalembedwa µA. Mamaikroampu 1000 ndiwo amapanga miliampu imodzi.

Batiri ili monga ndowa ya madzi, ndipo magetsi amene bodi imadya ali monga kabowo pansi pa ndowayo. Kuti munthu adziwe maola amene batiri idzakhala, amagawa kukula kwa batiri ndi magetsi amene bodi imadya pa avareji.

```
maola = mAh / mA
```

M'citsanzo cimene cikutsatira, kabodi kaikidwa m'dimba la ndiwo zamasamba kuti kazipima cinyezi pa mphindi 15 zilizonse. Kakugwiritsa nchito batiri ya lifiyamu ya mtundu wa 18650, yonga imene imapezeka mkati mwa mabatiri a malaputopu akale ndi m'matochi ochaja. Pa batiriyo palembedwa 2500 mAh, koma wokonza wanzeru amawerengera 2000 mAh cabe, popeza bodi imaleka kugwira nchito bwino batiri isanatheretu. Mabatiri a mtundu umenewu olembedwa manambala onga 9900 mAh ndi abodza, ndipo nthawi zambiri safika ngakhale pa 2500.

Ngati kabodiko kasiyidwa maso usana ndi usiku, waifai ili yoyatsa, kamadya pafupifupi 80 mA. Kugawa 2000 ndi 80 kumapereka maola 25. Ndiye kuti kabodi koikidwa m'dimba Lolemba m'mawa kadzakhala katazima Laciwiri dzuwa lisanalowe, ngakhale kuti nchito yeniyeni yopima inali ya masekondi owerengeka cabe.

Cimene cimacitika kachipu kakagona

ESP32 ili ndi mitundu ingapo ya tulo. M'tulo topepuka, tonga kusinza, ubongo wa kachipu umaima koma umakumbukira zonse, ndipo kachipuko kamadya pafupifupi 0.8 mA. M'tulo tofa nato, ubongo, waifai ndi malo aakulu osungira zinthu zonse zimazimitsidwa. Cimene cimatsala coyaka ndi kagawo kakang'ono kochedwa RTC, kamene kali ndi koloko ndi kamalo kocepa kosungira manambala. Malinga ndi cikalata ca kampani ya Espressif cofotokoza kachipuka, m'tulo totere kamadya pafupifupi 10 µA. Potumiza uthenga pa waifai, kachipu komweko kamatha kufika pa 240 mA, kutanthauza kuwirikiza nthawi 24,000.

Pali mfundo imodzi imene imasokoneza anthu ambiri ongoyamba kumene. Kachipu kakadzuka ku tulo tofa nato sikapitiriza pamene kanalekezera. Kamayambiranso pulogalamu yonse kucokera paciyambi, monga ngati kangoyatsidwa kumene. Pa cifukwa ici, pulogalamu ya kabodi kogona imalembedwa mosiyana ndi mapulogalamu ena. Nchito yonse imaikidwa m'gawo loyambira, ndipo mzere womaliza ndi lamulo lakuti kagone. Kwa amene amalemba mapulogalamu ndi Arduino, maonekedwe ake ndi awa:

```cpp
RTC_DATA_ATTR int zopima[48];
RTC_DATA_ATTR int n = 0;

void setup() {
  pinMode(25, OUTPUT);
  digitalWrite(25, HIGH);
  delay(200);
  if (n < 48) zopima[n++] = analogRead(34);
  digitalWrite(25, LOW);
  esp_sleep_enable_timer_wakeup(900ULL * 1000000ULL);
  esp_deep_sleep_start();
}

void loop() {}
```

Mawu akuti `RTC_DATA_ATTR` amauza kachipu kuti manambala amenewo asungidwe m'kagawo kamene sikazima. Popanda mawu amenewa, zopima zonse zimaiwalika nthawi iliyonse kachipu kakagona. Koma kamalo kameneka kamasunga zinthu pa nthawi ya tulo yokha. Batiri ikacotsedwa, kapena munthu akadina batani loyambitsanso bodi, zonse zimafufutika.

Nthawi ya tulo imaperekedwa m'magawo ang'ono-ang'ono a sekondi, ndipo magawo 1,000,000 ndiwo amapanga sekondi imodzi. Mphindi 15 ndi masekondi 900, ndiye cifukwa cake 900 ikuculukitsidwa ndi 1,000,000. Zilembo zakuti `ULL` kumapeto kwa manambala sizokongoletsera. Popanda izo, kachipu kamaculukitsa manambalawo m'kamalo kamene malire ake ndi 2,147,483,647, ndipo malire amenewa amakwana tulo ta mphindi 35 ndi masekondi angapo cabe. Tulo ta mphindi 15 timakwanamo bwino, koma munthu akasintha n'kulemba masekondi 3600 kuti kabodi kazigona ola limodzi, yankho limasefukira. Zikatero kabodi kamadzuka pa nthawi yolakwika kapena sikadzukanso, ndipo mwini wake amayamba kukayikira batiri pamene vuto lili pa zilembo zitatu.

Amene ali ndi kachipu kakale ka ESP8266 ayenera kudziwanso kuti iko sikatha kudzidzutsa kokha pokhapokha pini yochedwa GPIO16 italumikizidwa ndi waya ku pini ya RST. ESP32 sifuna waya ameneyu.

Kachipu kagona, koma bodi ili maso

Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa. Pulogalamu yalembedwa bwino, kachipu kakugonadi, koma batiri ikutha sabata isanathe. Coyambitsa n'cakuti nambala ya 10 µA ndi ya kachipu kokha, pamene bodi yogula m'sitolo ili ndi zinthu zina zimene sizidziwa n'komwe kuti kachipu kagona.

Coyamba ndi regyuleta, kacipangizo kotsitsa mphamvu ya magetsi kufika pa mavolti 3.3 amene kachipu kamafuna. Mabodi ambiri ochipa ali ndi regyuleta yochedwa AMS1117, imene payokha imadya pafupifupi 5 mA nthawi zonse, ngakhale palibe cimene ikudyetsa. Caciwiri ndi kanyali kofiira kosonyeza kuti bodi yayaka, kamene kamadya miliampu imodzi kapena angapo. Cacitatu ndi kachipu kena kolumikiza bodi ku kompyuta kudzera pa USB, kamene pa mabodi ena kamakhalabe koyaka ngakhale waya wa kompyuta wacotsedwa. Zitatuzi zikaphatikizidwa zimatha kufika pa 8 mA kapena kuposerapo. Pamwamba pa izi palinso sensa ya cinyezi, imene imadya pafupifupi 5 mA ngati yalumikizidwa molunjika ku pini ya mavolti 3.3.

M'citsanzo ca m'dimba, kabodi kakudzuka pa masekondi 900 alionse, ndipo kakukhala maso masekondi 5 pofuna-funa waifai ndi kutumiza uthenga, kakudya 120 mA pa avareji. Kuculukitsa 120 ndi 5 kumapereka 600, ndipo 600 ikagawidwa ndi 900 imapereka 0.67 mA. Umenewu ndiwo mtengo wa kudzuka ukamwazidwa pa nthawi yonse. Koma m'tulo bodi ikudya 8 mA ndipo sensa ikudya 5 mA, zonse pamodzi ndi kudzuka kuja 13.7 mA. Kugawa 2000 ndi 13.7 kumapereka maola 146, amene ndi masiku 6 cabe. Pa magetsi onse amene atayika, oposa 90 peresenti apita kabodi kali m'tulo.

Regyuleta ya AMS1117 ilinso ndi vuto lina. Imafuna kuti magetsi olowa akhale okwera ndi volti imodzi kapena kuposerapo poyerekeza ndi oturuka. Batiri ya 18650 yodzaza ili ndi mavolti 4.2, ndiye kuti ngakhale pa tsiku loyamba regyuleta imeneyi imalephera kupereka mavolti 3.3 okwanira pamene waifai yayaka. Motero masiku 6 aja kawiri-kawiri sakwana n'komwe.

Kutseka mabowo amodzi-amodzi

Njira yacidule ndi kugula bodi imene inapangidwira batiri, ndipo wogula ayang'ane nambala ya magetsi a m'tulo a bodi yonse, osati a kachipu kokha. Njira ina ndi kusintha bodi imene ilipo kale. Kanyali kamacotsedwa ndi citsulo cowocherera, kapena kucotsa rezisita imene ili pambali pake. Regyuleta yakale imacotsedwanso, n'kuikapo ina yosadya magetsi ambiri imene imapereka mavolti 3.3 ku pini yolembedwa 3V3.

Kusankha regyuleta kumafuna kuyang'ana zinthu ziwiri. Regyuleta yochedwa MCP1700 imadya pafupifupi 1.6 µA yokha, koma imapereka mpaka 250 mA, pamene kampani ya Espressif imalangiza kuti gwero la magetsi lizitha kupereka 500 mA. Ya HT7833 imadya mamaikroampu owerengeka ndipo imafika pa 500 mA. Regyuleta ikakhala yaing'ono, magetsi amatsika mwadzidzidzi waifai ikayaka, kachipu n'kuyambiranso. Cizindikiro cake ndi uthenga umene umaoneka pa kompyuta bodi ikalumikizidwa:

```
Brownout detector was triggered
```

Kapasita yaikulu, monga ya 470 µF, yoikidwa pafupi ndi kachipu imathandiza kucirikiza magetsi pa kamphindi kameneko, koma mawaya aatali ndi opyapyala ocokera ku batiri amabweretsanso vuto lomwelo. Ena amapewa regyuleta pogwiritsa nchito batiri ya mtundu wa LiFePO4, imene imakhala pa mavolti pafupifupi 3.2 kwa nthawi yaitali ya moyo wake ndipo imalowa m'malire a mavolti 3.0 mpaka 3.6 amene bodi za ESP32 zimalola. Batiri wamba ya lifiyamu ya mavolti 4.2 siyenera kulumikizidwa molunjika ku pini ya 3V3, cifukwa ikhoza kuononga kachipu.

Sensa ya cinyezi imazimitsidwa mosavuta. M'malo molumikiza waya wake wa magetsi ku pini ya 3V3, umalumikizidwa ku pini wamba, monga pini 25 m'pulogalamu ya pamwambayi. Pulogalamu imayatsa piniyo, kudikira pang'ono kuti sensa ikhazikike, kuwerenga, kenaka kuzimitsa. Izi zimatheka cifukwa 5 mA ndi yocepa poyerekeza ndi magetsi amene pini imodzi ingapereke. Cipangizo cimene cimadya zambiri, monga pampu kapena modemu ya netiweki ya foni, cimafuna tranzisita yocita nchito ya swichi. Pini yowerengera nayonso inasankhidwa mwadala. Mapini 32 mpaka 39 amawerenga bwino ngakhale waifai ili yoyaka, pamene mapini ena owerengera sagwira nchito waifai ikayatsidwa.

Bowo lina lobisika ndi marezisita awiri amene amaikidwa kuti kabodi kazidziwa mphamvu yotsala m'batiri. Awiri a 100 kΩ aliyense amataya 21 µA usana ndi usiku, kuwirikiza kawiri zimene kachipu kogona kamadya. Awiri a 1 MΩ aliyense amataya 2.1 µA yokha, ngakhale amafuna kapasita yaing'ono ya 100 nF pa pini yowerengera kuti nambala isamayende-yende.

Zonsezi zikacitika, bodi yonse ikhoza kugona pa 30 µA, imene ndi 0.03 mA. Kuphatikiza ndi 0.67 mA ya kudzuka, avareji imakhala 0.70 mA. Kugawa 2000 ndi 0.70 kumapereka maola pafupifupi 2860, amene ndi masiku 119, kapena miyezi inai. Kucoka pa masiku 6 kufika pa miyezi inai kwatheka popanda kusintha batiri.

Tsopano mdani ndi nthawi yokhala maso

Pofika apa zinthu zatembenuka. Tulo tikudya 0.03 mA pamene kudzuka kukudya 0.67 mA. Kulimbana kuti tulo titsike kucoka pa 30 kufika pa 15 µA kungaonjezere masiku awiri kapena atatu okha. Phindu lenileni tsopano lili pa kufupikitsa nthawi imene waifai imakhala yoyaka.

Kupima cinyezi pakokha sikufuna waifai. Kabodi kakhoza kudzuka, kuyatsa sensa, kuwerenga, kusunga nambala m'kagawo ka RTC ndi kugonanso m'kati mwa theka la sekondi, kakudya pafupifupi 45 mA pamodzi ndi sensa. Kuculukitsa 45 ndi 0.5 kumapereka 22.5, poyerekeza ndi 600 ya kudzuka kokhala ndi waifai. Nthaka siuma m'mphindi 15, motero mlimi sataya kanthu ngati zopima zitumizidwa pamodzi kamodzi pa maola atatu alionse.

M'maola atatu muli masekondi 10,800 ndi kupima 12. Kupima 12 kuculukitsa ndi 22.5 kumapereka 270, ndipo kutumiza kumodzi kumaonjezera 600, zonse pamodzi 870. Kugawa 870 ndi 10,800 kumapereka 0.08 mA. Pamodzi ndi tulo, avareji yatsika kufika pa 0.11 mA, ndipo pa pepala batiri ingakhale maola oposa 18,000, kapena zaka ziwiri.

Kulumikiza ku waifai nakonso kukhoza kufupikitsidwa. Gawo lalikulu la masekondi 5 aja limathera pa kufuna-funa rauta m'machanelo onse ndi kudikira kuti rautayo ipereke adiresi. Kabodi kakasunga nambala ya chanelo ndi adiresi ya rauta m'kagawo ka RTC, n'kuzipereka ku lamulo la `WiFi.begin()` pa ulendo wotsatira, kufuna-funa kuja kumadumphidwa. Kupatsa kabodi adiresi yosasintha ndi lamulo la `WiFi.config()` kumacotsanso kudikira kwina. Koma rauta ikasintha chanelo, zosungidwazo zimakhala zacabe, motero pulogalamu iyenera kubwerera ku njira yakale yofuna-funa ngati kulumikiza kwalephera.

Zaka ziwiri za pa pepala sizikwana m'dimba

Batiri ya lifiyamu imataya mphamvu payokha ngakhale palibe cimene calumikizidwa, kawiri-kawiri pakati pa 1 ndi 3 peresenti pa mwezi, ndipo kutentha kumaonjezera kutayako. Ngati batiri ya 2500 mAh itaya 2 peresenti, ndiye kuti 50 mAh imapita mwezi uliwonse. Mwezi uli ndi maola 720, motero izi zikufanana ndi 0.07 mA, kuposa kawiri zimene bodi yogona ikudya. Avareji yeniyeni ikhala 0.18 mA, ndipo 2000 kugawa ndi 0.18 ndi maola pafupifupi 11,100, kapena miyezi 15. Bokosi lakuda losiyidwa pa dzuwa la mwezi wa Okutobala lidzafupikitsa nthawi imeneyi, ndiye cifukwa cake bokosi loyera loikidwa pa mthunzi n'lofunika mofanana ndi regyuleta yabwino.

Cimene cimapha mabatiri mwadzidzidzi kwambiri ndi rauta yozima. Zitsanzo zambiri za mapulogalamu zili ndi mzere umene umadikira waifai mpaka italumikizika, popanda malire a nthawi. Magetsi akazima kunyumba ndipo rauta yazima nawo, kabodi kamadzuka, kuyamba kudikira, osagonanso. Pa 120 mA, batiri yodzaza imatha m'maola osakwana 17. Kuzima kwa magetsi kwa maola 8 kungadye pafupifupi theka la batiri imene ikanakhala caka. Mankhwala ake ndi kuika malire:

```cpp
unsigned long t = millis();
while (WiFi.status() != WL_CONNECTED && millis() - t < 10000) {
  delay(100);
}
```

Pakatha masekondi 10 osalumikizika, kabodi kasiye, kasunge zopima zake ndi kugona, kadzayesenso pa ulendo wotsatira. Malo a manambala 48 m'pulogalamu yoyamba ija amakwana zopima za maola 12, ndipo wolemba ayenera kusankha cocita akadzaza, kaya kufufuta zakale kapena kukulitsa malowo. Lamulo lake n'lakuti njira iliyonse m'pulogalamu, kaya zinthu zayenda bwino kapena ayi, izithera pa lamulo la kugona.

Batiri ikatsika kwambiri pamabukanso vuto lina. Kabodi kamadzuka, kuyatsa waifai, magetsi n'kutsika, kachipu n'kuyambiranso, ndipo zimenezi zimabwerezeka mosalekeza mpaka batiri itatheratu ndi kuonongeka. Pofuna kupewa izi, pulogalamu iyambe yapima batiri isanayatse waifai, ndipo ikapeza kuti yatsika pansi pa mavolti pafupifupi 3.4, ileke kutumiza ndi kugona nthawi yaitali. Batiri ya lifiyamu iyeneranso kukhala ndi kabodi koiteteza kamene kamadula magetsi isanatsike mopitirira malire.

Koloko ya m'tulo nayonso si yolondola monga wochi ya pa mkono. Imayendera kacipangizo ka mkati mwa kachipu kamene liwiro lake limasintha ndi kutentha, motero mphindi 15 zikhoza kupitirira kapena kupereweza ndi masekondi angapo, ndipo pa tsiku kusiyanako kungafike pa mphindi zingapo. Pa cinyezi ca m'nthaka izi sizivuta, koma ngati nthawi yeniyeni ikufunika, kabodi kaziitenga pa intaneti nthawi iliyonse kakalumikizika.

Kupima ndi mita asanatseke bokosi

Manambala a m'citsanzo ici ndi oyerekezera, ndipo bodi iliyonse ili ndi ake. Njira yokha yodziwira zoona ndi kuika mita pakati pa batiri ndi bodi, waya wa USB atacotsedwa. Apa pali msampha. Mita ikaikidwa pa gawo la µA imatsekereza magetsi ambiri, motero kabodi kamalephera kudzuka ndipo kamangoyambiranso. Amisiri amayamba alumikiza mawaya awiri a mita ndi kawaya kacidule kuti magetsi adutse momasuka, ndipo kachipu kakagona amacotsa kawayako n'kuwerenga nambala.

Nambala imene yaoneka imaloza kumene kuli vuto. Ikakhala pakati pa 10 ndi 50 µA, bodi ikugona bwino. Ikakhala mamaikroampu mazana angapo, kawiri-kawiri pali rezisita imene ikutaya magetsi kapena pini imene ikudyetsa sensa mobisa kudzera pa waya wa uthenga. Ikakhala mamiliampu angapo, regyuleta, kanyali kapena sensa zikali zoyaka. Ikaposa 20 mA, kachipu sikanagone n'komwe, ndipo vuto lili m'pulogalamu. Wofufuza amacotsa zinthu cimodzi-cimodzi akuyang'ana mita, mpaka nambala itatsika. Mita wamba siona bwino magetsi a nthawi ya kudzuka cifukwa amasintha mofulumira, koma lamulo la `millis()` likaitanidwa kabodi katatsala pang'ono kugona limasonyeza pafupifupi nthawi imene kakhala maso, ndipo nambala imeneyi ikhoza kutumizidwa pamodzi ndi zopima.

Ambiri amayesanso kabodi ndi pawabanki ya foni, ndipo amadabwa kuona kuti kagona kamodzi osadzukanso. Mapawabanki ambiri amazima okha akaona kuti cimene calumikizidwa cikudya magetsi ocepa kwambiri, poganiza kuti foni yadzaza. Kabodi kogona bwino n'kamene kamazimitsidwa msanga, motero pawabanki wamba si yoyenera pa nchito imeneyi.

Kuyesa komaliza kumacitika kabodi katafika kale m'dimba. Ngati uthenga uliwonse unyamula mphamvu ya batiri pamodzi ndi cinyezi, mwini wake amatha kuona mmene ikutsikira. Batiri ya lifiyamu imatsika msanga pang'ono kucoka pa mavolti 4.2 m'masiku oyamba, kenaka imayenda pang'ono-pang'ono kwa nthawi yaitali. Pa kabodi kamene kakuyembekezeka kukhala miyezi 15, batiri iyenera kukhala ikali pamwamba pa mavolti 4.0 pakatha masabata awiri. Ikapezeka itafika kale pa 3.7, ndiye kuti pali bowo limene silinatsekedwe, kapena cinyezi calowa m'bokosi ndipo cikudutsitsa magetsi pa bodi, ndipo kabodiko kayenera kubwerera pa tebulo kuti kakapimidwenso ndi mita.